Wopuma pa ntchito sanamwalire ayi

Pa miyambo yambiri yotsanzikana ndi munthu amene akupuma pa ntchito pamachitika chinthu chodabwitsa. Wolankhula amaimirira, n'kutambasula pepala, n'kuyamba: "Anabadwa m'chaka chakuti, m'mudzi mwa akuti, mfumu yaikulu akuti. Anali munthu wodzichepetsa." Mukatsinzina mutha kuganiza kuti muli pasiwa, pomwe mwini mbiriyo ali pompo pampando wakutsogolo, wavala suti yake yatsopano, akudikira mpunga ndi nkhuku. Sitichita dala. Mbiri ya munthu tinazolowera kuimva pamaliro, choncho pakamwa pamangotsata njira yomwe pakuidziwa.

Inenso ndinatsala pang'ono kugwa m'mbuna yomweyi. Pasukulu ya pulaimale pomwe ndinkaphunzitsa, mayi wina amene anagwira Sitandade 1 kwa zaka zoposa 30 anakwanitsa zaka 60, msinkhu umene ogwira ntchito m'boma amapumira, ndipo anzanga anandisankha kuti ndilankhule m'malo mwa aphunzitsi. Usiku woyamba ndinalemba masamba atatu. Nditawawerengera akunyumba kwanga, iwo anangofunsa kuti, "Nanga thupi linyamuka nthawi yanji?" Ndinang'amba.

Chimene chinalakwika chinali mawu aang'ono awiri: "iwo" ndi "anali". Mukamati "iwo anali olimbikira", mwamuchotsa munthuyo pakati panu, mukunena za iye ngati kulibe. Mukamati "Amayi, inu ndinu munthu wosatopa", mwamubweza pampando wake, ndipo anthu onse amatembenuka kumuyang'ana. Choncho mukatha kupereka ulemu kwa amfumu, akuluakulu a ntchito ndi a pabanja (ulemuwo ukhale wa mpweya umodzi, chifukwa oyendetsa mwambo anawatchula kale onse), tembenukirani kwa mwini tsikulo ndipo muzilankhula naye. Za chaka chobadwa ndi malo onse amene anagwirako ntchito muwasiyire abwana, omwe ali ndi faelo yake. Inu anakusankhani chifukwa munakhala naye chipinda chimodzi, mukudziwa zimene faelo silidziwa.

Ndiye ndinayamba kufunafuna nkhani. Ndinafunsa anthu atatu: mlonda, mphunzitsi wamng'ono amene anangobwera kumene, ndi bambo wina wa m'komiti ya sukulu yemwe anaphunzitsidwa ndi mayiwo ali mwana. Sindinawafunse kuti mayiwo ndi munthu wotani, poti funso lotero yankho lake ndi limodzi, lakuti "ndi abwino". Ndinawafunsa kuti, "Ndi tsiku liti limene simudzaliiwala?" Bambo wa m'komiti uja ndiye anandipatsa chimene ndinkafuna. Mu 1994, boma litachotsa fizi ku pulaimale, ana anakhamukira kusukulu mpaka m'makalasi munalibe popondapo. Mayiwo anatenga gulu lawo n'kukakhala nalo pansi pa mtengo wa mango, bolodi atalitsamiritsa ku thunthu. Ana ena ankathawa nthawi yopuma chifukwa cha njala, ndiye mayiwo ankabwera ndi chimanga chokazinga m'thumba, n'kumapatsa kadzanja aliyense amene walemba bwino a, e, i, o, u pamchenga.

Nkhani imodzi yotereyi imaposa mawu khumi oyamikira. Sindinafunikenso kunena kuti mayiwo ndi achifundo kapena anzeru; chimanga chija chinanena chokha. Ndinalankhula motere:

"Amayi, bambo mwakhala nawo pafupiwa, lero ndi a komiti, amatifunsa ife za ndalama ya chitukuko. Koma akuti zilembo zawo zoyamba munazigula ndi chimanga chokazinga. Ndawerengera ana amene anadutsa m'manja mwanu, ndipo ndaona kuti mudzi uno uli nanu ngongole ya nkhokwe yathunthu."

Anthu anaseka, bambo uja anaimirira n'kuvula chipewa, mayiwo anagwira pakamwa. Taonani kumene nthabwalayo inagwera: pa bambo wa komiti, amene ndinali nditamupempha kale chilolezo, ndi pa mudzi wonse. Mayiwo inawasiya ali pamwamba.

Apa ndi pamene pali luso lenileni, ndipo ambiri amapsa napo. Kwathu kuno kuseleulana kuli ndi eni ake. Msuweni amatha kukunena kuti ndiwe waulesi pagulu, iwe n'kumaseka, monganso Angoni ndi Abemba a ku Zambia amachitira pa chimbuya chawo. Koma kugwira ntchito limodzi sikukusandutsani msuweni. Nthabwala imene mumaseka awiri mu ofesi imasintha ikalankhulidwa pamaso pa mkazi wake, ana ake, apongozi ndi abusa a mpingo wake. Muyeso wanga ndi uwu: kodi mwana wake woyamba akaimva aseka, kapena ayang'ana pansi? Pa muyeso umenewu nkhani za mowa, ngongole, matenda ndi zibwenzi zimagwa zonse. Imagwanso ija imakondedwa kwambiri, yakuti "tsopano mukalowe pamzere wodikira penshoni". Munthu amene malipiro ake a pamwezi akutha mwezi womwewo, mwina ali ndi ana kusekondale, nkhaniyo imamusowetsa tulo. Adzaseka mwaulemu, koma mwamulasa.

Zotsala n'zambiri ndithu. Sekani chizolowezi chimene mwini wake amanyadira: kufika m'mawa kuposa mlonda, kusunga zidutswa za choko m'chitini ngati ndalama, mawu amene amawabwereza pa msonkhano uliwonse. Kapena dzisekeni nokha. Ine ndinafotokoza za tsiku langa loyamba, pamene mayiwo anandipeza ndikukuwa pakati pa ana osamva, iwo n'kungoomba m'manja katatu, kalasi yonse zii. Ndinavomera pagulu kuti ndakhala ndikuyeserera kuomba kotero zaka zonsezi, koma ana amangondiyang'ana.

Mungadziwe bwanji kuti zayamba kupotoka? Musamvere kukula kwa phwete, yang'anani kumene likuchokera. Ngati akuseka ndi anzanu a pangodya imodzi okha, pomwe a pabanja ali duu, nthabwalayo ndi ya mu ofesi, ilekeni pomwepo. Ngati mwini tsikulo wayamba kukonzakonza chitenje kapena kuyang'ana nsapato zake, dumphani ndime imeneyo. Ndipo mukamva mapoto akulira kuseri, dziwani kuti nthawi yanu yatha. Mphindi zisanu n'zokwana, ndiye kuti tsamba limodzi ndi theka lolemba pamanja. Muliwerenge mokweza kunyumba muli ndi wotchi, chifukwa pagulu kuseka ndi kuomba m'manja kumadyanso nthawi. Mwambi umodzi ndi wokwana, ndipo uja wa akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto muusiye, olankhula awiri asanafike inu adzakhala atautchula kale.

Chakumapeto liwu litsike. Nthabwala zithe, munene chinthu chimodzi choona chimene munthuyo anakuchitirani inuyo, m'mawu wamba, mukumuyang'ana. Misozi ikabwera musapepese, ingopumani pang'ono. Kenaka mutembenuzire maso ake kutsogolo, ku chinthu chimene mukudziwa kuti akuchikonzekera, osati kungoti "mukapume bwino" ngati mukumugoneka. Mayi athu aja anali atayamba kale kuweta nkhuku za mazira kuseri kwa nyumba yawo, choncho aphunzitsi tinasonkha ndalama n'kugula malata asanu ndi limodzi a khola. Ndinamaliza ndi kuwauza kuti Lolemba belu likalira asadzidzimuke, si lawonso, koma Loweruka tibwera kudzakhoma malatawo, ndipo atikazingire chimanga.

Loweruka lake tinapitadi anthu asanu ndi awiri. Tinapeza chimanga chili kale m'lichero, ndipo amene anakhoma msomali mokhota sanalandire kadzanja kake mpaka atauzula.