Lendi yakwera: kalata yotsanzika eni nyumba

Tiyerekeze banja lina limene lakhala zaka zitatu m'nyumba ya zipinda ziwiri ku Area 25, ku Lilongwe. Amalipira K150,000 pamwezi, ndipo pangano lawo likutha pa 31 Ogasiti. Mu Julaye eni nyumba abwera ndi uthenga: mukafuna kupitiriza, lendi ikhala K220,000. Bambo ndi mayi akhala pansi usiku ana atagona, awerengetsa, apeza kuti ndalama yowonjezerayo ndi K840,000 pachaka. Sangakwanitse.

Anthu ambiri akafika apa amangokhala chete, kenako lole imatulukira pakhomo m'bandakucha. Ena amalalata pafoni. Ine ndimaona kuti kalata ya tsamba limodzi imaposa zonsezi, ndipo chifukwa chake si ulemu wokha. Eni nyumba ndiwo akusunga dipoziti yanu, komanso kumene mukupitako akhoza kufunsidwa ngati munkalipira bwino. Akuluakulu adati pochoka usatseke ndi mwala, tseka ndi mayani.

Musanagwire cholembera, tulutsani pangano limene mudasainirana. Muone kuti notisi ndi yaitali bwanji. Ambiri amagwirizana mwezi umodzi, ena miyezi itatu, ndipo chimene chidalembedwacho ndicho chimakumangani. Ngati ndi mwezi umodzi, banja lathu lija liyenera kupereka kalata Julaye asanathe. Akachedwa mpaka pakati pa Ogasiti, eni nyumba akhoza kufuna lendi ya Seputembala, mwinanso pa mtengo watsopano uja.

Kalatayo ikhoza kuyenda motere, tsiku ndi keyala zili pamwamba:

"Bambo, ndalandira uthenga wanu woti kuyambira pa 1 Seputembala lendi ikhala K220,000. Ndakambirana ndi akunyumba, ndipo taona kuti sitikwanitsa mtengowu. Choncho sitipitiriza pangano, tituluka m'nyumba pa 31 Ogasiti. Tikuthokoza kwambiri chifukwa mwatisunga bwino zaka zitatu, makamaka muja mudatikonzera denga msanga mvula itayamba kudontha kuchipinda kwa ana. Ndikupempha kuti mubwere pa 30 Ogasiti tidzayendere nyumba limodzi, tidzawerenge mita ya madzi, ndi kukambirana za dipoziti ya K150,000 imene ndidapereka polowa. Ofuna kuona nyumba akhoza kubwera Loweruka masana, mukatidziwitsa. Ine wanu,"

Taonani mawu akuti "sitipitiriza". Pachikhalidwe chathu kukana munthu wamkulu pamaso kumavuta, ndiye timakonda kuzungulira: "mwina zitivuta", "tiona mmene zikhalire". Eni nyumba akawerenga zotere amaganiza kuti mukunenerera mtengo. Sayamba kufunafuna wina wolowa, ndipo tsiku limene aona katundu panja amamva ngati mwawachita chiwembu. Ngati mukufunadi kunenerera, imeneyo ndi kalata ina, ndipo muikemo ndalama imene mungakwanitse. Koma mukatsimikiza zochoka, tsiku lituluke poyera, lolembedwa ndi manambala.

Chifukwa chochokera chikwane m'chiganizo chimodzi. Palibe phindu kuwauza kuti mtengo wawo ndi wakuba. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti, penti ndi malata zidakwera kwa iwonso. Madandaulo a chimbudzi chimene sadakonze chaka chatha asalowemo. Nthawi yake idapita.

Pothokoza tchulani chinthu chenicheni, monga denga lija. Munthu amadziwa zikomo wochokera pansi pa mtima ndi zikomo wongodzazira pepala.

Pamene anthu amadanirana kwenikweni ndi tsiku loyendera nyumba. Mita ya ESCOM yogula mayunitsi siivuta kwambiri, koma madzi ndiwo amasiya nkhani ngati mita yake ndi yolipira mutagwiritsa kale ntchito, chifukwa bilu ya Lilongwe Water Board imadzafika inu mutasamuka. Jambulani nambala za pa mita ndi foni eni nyumba akuona, ndipo muonetse lisiti yomaliza. Jambulaninso makoma, mawindo ndi maloko. Penti yofwifwa ndi zaka si mlandu wanu, pokhapokha pangano litanena kuti mudzapente potuluka, koma galasi limene mwana adaswa ndi mpira ndi lanu, ndipo ndi bwino kulitchula nokha asadaliloze. Musaganize mwa inu nokha zoti dipoziti ilowe m'malo mwa lendi ya mwezi womaliza. Pemphani, ndipo akavomera, alembe.

Kalatayo lembani ziwiri zofanana. Pitani nazo nokha, osatuma mwana, mukhale pansi, mupatsane moni, munene pakamwa zimene zili m'katimo, kenako muwapatse. Asaine pa inayo ndi kulembapo tsiku, imeneyo musunge pamodzi ndi malisiti a lendi. Ngati amakhala kutali, kapena nyumba imayendetsedwa ndi ejenti, tumizani chithunzi cha kalatayo pafoni ndipo mupemphe kuti ayankhe kuti alandira. Pa 31 Ogasiti, nyumba itasesedwa ndi kukolopedwa, makiyi onse, ndi a pageti omwe, muwapereke m'manja mwawo pali mboni.