Za Mtokoma wa Agogo ndi Masewera a pa Lamya

M'midzi ya ku mapiri a Dedza muli agogo ambiri amene adzukulu awo akhala kutali, ku Joni, ndiko ku Johannesburg m'dziko la South Africa. Ulendo wa ku Joni sunayambe lero iai. Kale amuna anali kupita ku migodi ndi Wenela, kufikira chaka cha 1974, pamene ndege yonyamula anthu a ku migodi inagwa ku Francistown, ndipo boma la Malawi linaletsa kulemba anthu. Koma njira sinafe. Masiku ano apita amuna ndi akazi omwe, ndipo ana ena abadwira komweko osaona mudzi wa kwawo.

Tsono agogo akafuna kutumiza mphatso, kawirikawiri aitana mwana wa sukulu kuti awalembere keyala ndi kuwagwirira lamya. Chifukwa chake kuyenera kuti mwana wa sukulu adziwe machitidwe ake, pakuti keyala yolakwa itaya mtokoma umene agogo anauvutikira miyezi yambiri.

Njira ya Mtokoma

Mtokoma wopita ndi basi utuluka pa chipata cha Dedza nulowa m'Mozambique. Uwoloka Zambezi ku Tete, nulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, nupitirira Harare, nuwoloka Limpopo pa Beitbridge. Ulendowu utha masiku awiri kapena atatu, ndipo ku Tete kutentha koopsa. Pa chipata chilichonse pali anthu a boma amene ali ndi mphamvu yakutsegula katundu ndi kuona za m'kati. Wodziwa zimenezi asankha mphatso yopepuka, yosawola ndi yosaletsedwa.

Mphatso Yoyenera

Mtima wa agogo uthamangira ku munda. Afuna kuti adzukulu alawe mbatata ya kachewere ndi mapichesi a ku Dedza. Koma mbatata ilemera, ndipo mtengo wa kutumiza ukwera monga mwa kulemera kwa katundu. Ndiponso ikatsekeredwa m'thumba m'dziko lotentha ichita thukuta niyamba kuwola. Choposa apo, dziko la South Africa silola zomera, mbewu, zipatso, nyama kapena uchi kulowa popanda kalata ya chilolezo, kuopa kuti matenda a mbewu ndi a ziweto angalowe nazo. Zotere zikapezeka pa chipata zilandidwa, ndipo agogo ataya mphatso ndi ndalama yomwe.

Mphatso yabwino ndiyo yopangidwa ndi manja. Ku Johannesburg kuzizira m'miyezi ya Juni ndi Julaye monga ku Dedza komwe, chotero chipewa choluka chikondweretsa mwana. Chitenje sichisweka ndipo sichiwola. Galimoto ya waya yopangidwa ndi mbale wa kumudzi iposa chidole cha m'sitolo, popeza mwana adziwa dzanja limene linaipanga.

Agogo ena, okhala ndi adzukulu awiri, akhoza kumanga mtokoma wotere: zipewa ziwiri, magalamu 200, chitenje chimodzi, magalamu 300, galimoto ya waya, magalamu 300, kalata, chithunzi ndi kabokosi komwe, magalamu 200. Zonse pamodzi zikwana kilogalamu imodzi. Akadatumiza mbatata makilogalamu 5, akadalipira kulemera kasanu, pa chakudya chakutha masiku owerengeka. Zipewazo azitumize m'mwezi wa Epulo, kuti chisanu chipeze zitafika kale.

Kutumiza pa Positi

Njira yoyamba ndiyo positi ofesi. Mtokoma wosapitirira makilogalamu 2 uyesedwa phukusi laling'ono, ndipo mtengo wake uchepa. Wa pa positi auika pa sikelo, napereka kapepala kotchedwa CN22, kamene wotumiza alembapo zonse zili m'kati ndi mtengo wake. Pamenepa afunika kunena zoona ndi kutchula chinthu chilichonse. Kulemba mawu akuti "mphatso" okha sikukwanira, pakuti a msonkho akakayika atsegula phukusi nalichedwetsa.

Keyala ilembedwe ndi zilembo zazikulu: dzina la kholo monga liri pa pasipoti yake, nambala ya nyumba, dzina la msewu, mzinda, ndi manambala anayi a dera amene keyala iliyonse ya ku South Africa ili nawo. Dzina likhale la kholo, losati la mwana, chifukwa wolandira afunsidwa chiphaso. Pepala lina la keyala yomweyo aliike m'kati, kuti lakunja likang'ambika mwini wake adziwikebe.

Wanzeru alipira pang'ono poonjezera kuti phukusi lilembedwe m'kaundula. Akatero apatsidwa lisiti lokhala ndi nambala ya zizindikiro 13: zilembo ziwiri, manambala 9, ndi zilembo MW kumapeto, kusonyeza Malawi. Nambala imeneyi aitumize kwa wolandira tsiku lomwelo, ndipo lisiti alisunge. Ndalama, machesi, mabatire ndi zamadzimadzi asaziike m'phukusi konse.

Positi ichedwa masabata, nthawi zina miyezi. Ndiponso positi ya ku South Africa inalowa m'mavuto a ndalama m'chaka cha 2023, ndipo nthambi zake zambiri zinatsekedwa. Chifukwa chake agogo ayambe afunsa ana awo ngati positi ya kufupi ndi kwawo igwirabe ntchito.

Kutumiza ndi Wapaulendo

Njira yachiwiri ndiyo kupatsira munthu wopita ku Joni, kapena anthu aja atchedwa matransipota, amene ntchito yawo ndi kunyamula katundu wa ena. Njirayi ifulumira, koma ilibe kaundula wa boma, ndipo katundu akatayika pasowa podandaula. Chotero asankhe munthu wodziwika kwawo, amene mfumu kapena akulu a mudzi angathe kumpeza akabwera.

Katundu amangidwe wonyamulayo ali kuona. Munthu woona mtima sakana zimenezi, ndipo iye mwini salola kunyamula phukusi lotsekedwa kale, pakuti m'kati mukapezeka choletsedwa womangidwa ndi iyeyo. Mwana wa sukulu alembe mndandanda wa zinthuzo pa mapepala awiri, lina lipite ndi katundu, lina litsale. Mtengo apangane usanayambe ulendo, ndipo anene poyera amene adzalipira, agogo kapena wolandira. Potsiriza ajambule phukusi ndi lamya, natumize chithunzi kwa wolandira pamodzi ndi dzina la basi ndi tsiku lonyamuka. Nambala ya lamya ya ku South Africa iyamba ndi +27, ndipo ya ku Malawi iyamba ndi +265. Wonyamula akayamba kuitanitsa ndalama zina ali pa njira, kapena akakana kutchula basi imene wakwera, pamenepo pali chokayikitsa.

Kuonana pa Lamya

Mtokoma ufika kamodzi pa chaka, koma nkhope ya agogo ikhoza kufika sabata ndi sabata, pakuti lamya za masiku ano zinyamula mawu ndi chithunzi pamodzi. Malawi ndi South Africa ali ndi nthawi imodzi: ikakwana 4 koloko madzulo ku Dedza, ku Joni yakwananso 4 koloko. Chotero kupangana tsiku ndi ora sikuvuta.

Mapiri atsekereza netiweki, ndipo pamudzi pakhala malo ena pamene lamya igwira bwino. Agogo akhale pamenepo, nkhope yawo ipenye kowala. Kuwala kukakhala kumbuyo, mdzukulu aona mthunzi wokha. Chithunzi chidya bandulo kopambana mawu. Pa WhatsApp pali malo olembedwa `Use less data for calls`, ndipo munthu akatsegula pamenepo bandulo ikhalitsa.

Mwana wamng'ono satha kukhala chete ndi kuyankha moni nthawi yaitali. Akafunsidwa za sukulu ayankha mawu amodzi nathawa. Masewera ndiwo amgwira. Koma mawu a pa lamya afika mochedwa pang'ono, chotero kuyimba pamodzi ndi kuwomba m'manja pamodzi kusokonezeka, wina atsogola, wina atsalira. Masewera oyenera ndiwo akulandizana, wina anena, mnzake nayankha.

Oyamba ndiwo zilape. Agogo ati, "Chilape!" Mdzukulu ayankha, "Nachize!" Agogo ati, "Nyumba ya amayi yopanda khomo." Mwana aganiza, ndipo akalephera agogo amseka monga achitira agogo ndi mdzukulu wamwamuna, nati, "Kodi amuna anga, simudziwa dzira?" Potero mwana wokulira pakati pa Chizulu ndi Chingerezi atola mawu a kwawo osadziwa kuti ali kuphunzira. Zilape sizifuna chithunzi. Netiweki ikafooka azimitse chithunzi, mawu okha apitirire.

Achiwiri ndiwo nthano. Agogo ati, "Padangokhala," ndipo ana ayankha, "Tili tonse." Kuyankhaku kuli ndi ntchito ina pa lamya: ana akaleka kuvomera, agogo adziwa kuti lamya yaduka, ndipo sataya mawu pachabe. Nthano yaitali aidule pakati, pokoma penipeni, kuti ana alakelake sabata ya mawa.

Achitatu ndiwo bawo, wa ana okulirapo. Bawo ali ndi mizere inayi ya maenje 8, ndipo agogo ali nayo mizere iwiri, mdzukulu iwiri. Mwana wa sukulu alembe manambala ndi choko pa maenje a mdzukulu, kuyambira 1 kufikira 16, naimike lamya pamwamba kuti bawo yense aoneke. Mdzukulu wa ku Joni atchula nambala ya dzenje ndi mbali yoyendera, ndipo wa kumudzi amtakatira, nawerenga njere mokweza kuti pasakhale kukangana. Bawo akhale mmodzi yekha. Akakhala awiri, njere imodzi ikalakwika masewera onse asiyana.

Tsiku lofika mtokoma, makolo asautsegule kufikira agogo ali pa lamya. Mwana wa sukulu atenge pepala la mndandanda lija nawerenge chimodzi chimodzi, ana a ku Joni ali kutulutsa. Potero kudziwika ngati zonse zafika, ndipo agogo aona ndi maso awo chipewa chimene analuka chili pamutu pa mdzukulu.

Mafunso

1. Tchulani zipata ziwiri ndi mitsinje iwiri imene mtokoma upitirira pochoka ku Dedza kunka ku Joni.
2. Chifukwa ninji mbatata ya kachewere siyenera kutumizidwa?
3. Agogo ali ndi zinthu zolemera magalamu 1,700, ndipo bokosi lilemera magalamu 400. Kodi mtokomawo uyesedwa phukusi laling'ono?
4. Wonyamula katundu akaniranji phukusi lotsekedwa kale?
5. Lembani zilape zitatu zoti agogo akafunse pa lamya.