Masheya a Telala: Agule Angati, Ayike Kuti?

Tiyerekeze telala wa pakhonde la sitolo ku Limbe. Mu Seputembala, sukulu zikamatsegulira, mayunifolomu amamupezetsa K600,000. Mu Febuluwale makina amangokhala duu, ndipo akapeza K180,000 ndi mwayi. Pakhomo pake, lendi, chakudya ndi magetsi zimadya K250,000 pamwezi. Telalayu akufuna kugula masheya pa Malawi Stock Exchange, koma malangizo akuti aziyika ndalama yofanana mwezi uliwonse ndi a anthu a pamalipiro.

Chimene chimagwetsa munthu wotere si kutsika kwa mtengo kokha ayi, koma kugulitsa mokakamizidwa. Mwana akadwala m'mwezi wa chilala, amagulitsa pa mtengo uliwonse umene wapezeka. Pamsika wathuwu masheya a makampani ena amatha masiku opanda wogula, ndiye munthu wothina amatsitsa mtengo kuti zimuchoke. N'chifukwa chake asanagule ngakhale sheya imodzi, ayenera kukhala ndi nkhokwe ya miyezi inayi, K1,000,000, pamalo poti akhoza kutapa msanga.

Nkhokwe ikadzaza, muyeso wake ukhale zotsala, osati kalendala. Mu Seputembala zotsala ndi K350,000. Theka, K175,000, lipite kokagula, theka linalo lidikire miyezi yowonda ndi kugulira ulusi ndi nsalu. Mu Febuluwale palibe chogula: atape K70,000 m'nkhokwe, ndipo ndalama ikadzabweranso ayambe wabweza pomwe anatapapo. Mwezi wosagula kanthu si mwezi wolephera.

Funso lachiwiri ndi kukula kwa gawo lililonse. Tinene kuti patapita nthawi wasonkhanitsa K1,000,000 ina yoti ibale phindu. Akayika K600,000 m'kampani imodzi mtengo n'kutsika ndi theka, wataya K300,000, yoposa ndalama yoyendetsera pakhomo mwezi wathunthu. Akadziyikira malire a K150,000 pa kampani iliyonse, kutsika komweko kumamudyera K75,000 basi. Zimawawa, koma pakhomo sipagwedezeka. Choncho muyeso umachokera kumapeto: adzifunse kuti angataye zingati osasowa nazo tulo, kenako achulukitse kawiri. Amenewo ndiwo malire a kampani imodzi.

Kumwaza ndalama kuli ngati kubzala mwakasakaniza: chimanga chikapserera, nandolo amapirira. Koma pano mpomwe ambiri amapusitsika, poyesa kuti mayina osiyana ndi minda yosiyana. NICO Holdings ndi mwini gawo lalikulu la NBS Bank. Press Corporation ili ndi gawo lalikulu mu National Bank komanso mu TNM. Wogula NICO ndi NBS, kapena Press ndi National Bank, wabzala mbewu imodzi kawiri. Ngakhale mabanki osagwirizana umwini amapeza phindu lambiri pobwereketsa boma, choncho chowakhudza chimawakhudzira limodzi. Telala wathu aziwerenga mabanki onse ngati gulu limodzi losapitirira K300,000, kenako ayang'ane kwina: shuga ku Illovo, mafoni ku Airtel, nyumba zalendi ku MPICO. Lipoti lapachaka la kampani limatchula eni ake akuluakulu, ndipo tsamba limenelo ndilo loyamba kuwerenga.

Masheya asamalize ndalama yonse. Gawo lina, mwina K300,000, angabwereketse boma kudzera kubanki kwa masiku 91, 182 kapena 364, n'kusankha nthawi yoti ndalamayo idzabwere mu Febuluwale, pomwe makina ali chete. Komabe ndalama yongodikira chiwongoladzanja ili ndi mdani wake. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo amene anasunga zonse m'makwacha anaona nsalu yomweyo ikukwera mtengo ali chipenyere. N'chifukwa chake mbuzi ziwiri kumudzi kapena mipukutu ya nsalu yogulidwiratu ziyenera kuwerengedwa pamodzi ndi zina zonse. Apewe kokha kuunjika chuma chake chonse m'nsalu, popeza malonda osoka akadzaima, ntchito ndi chuma zidzaimira limodzi.

Kawiri pachaka akhale pansi ndi kope, alembe mtengo wa lero wa chilichonse. Kampani ya K150,000 ija ikakwera kufika K320,000, ndiye kuti yakula kupyola malire, ngakhale zikukoma. Asathamangire kugulitsa, pakuti kugula ndi kugulitsa komwe kuli ndi komishoni yake. Ndalama ya mayunifolomu otsatira ipite ku magawo amene atsalira m'mbuyo, mpaka muyeso ubwerere m'malo mwake. Akatero, Febuluwale adzamupeza ali pakhonde pompo, lendi italipidwa, masheya ake osakhudzidwa.