Si Kutentha Thupi Konse Kumene Kuli Malungo: Dziwani Matenda a PTT

Munthu akatentha thupi, mutu n'kumamupweteka, kenako n'kuyamba kubwebweta, tonse timati ndi malungo. Nthawi zambiri timakhala titalondola. Koma pali matenda ena a m'magazi amene amayamba chimodzimodzi, ndipo mankhwala a malungo sawachiza. Madokotala a kuno ku Mozambiki amawalemba ndi zilembo zitatu, PTT. M'mayiko olankhula Chingelezi amalemba TTP. Sagwira anthu ambiri ayi, koma akagwira munthu sachedwa kupha. Popanda chithandizo, odwala pafupifupi 9 mwa 10 alionse amamwalira. Chithandizo chikayamba msanga, 8 kapena 9 mwa 10 alionse amapulumuka.

Dokotala woyamba kufotokoza matendawa anali Eli Moschcowitz wa ku New York, m'chaka cha 1924. Iye anaona mtsikana wa zaka 16 amene anatentha thupi, magazi n'kumuthera, mbali ina ya thupi n'kufooka. Mtsikanayo anamwalira pasanathe masabata awiri. Atapima thupi lake anapeza timitsempha tating'onoting'ono ta mu mtima ndi mu impso titatsekeka ndi timibulu ta magazi.

Zimene zimachitika m'magazi

Kuti mumvetse bwino, dziwani zinthu zitatu za m'magazi mwanu. Choyamba ndi maselo ofiira, amene amanyamula mpweya kupita nawo m'thupi monse. Chachiwiri ndi mapulateleti, amene ena amati mapulaketa. Ndi tizinthu tating'ono kwambiri timene timatseka bala mukadzicheka. Chachitatu ndi pulazima, madzi achikasu amene maselo ndi mapulateleti amayandamamo.

M'madzi amenewa muli timaulusi tomata. Mukatemeka ndi khasu, timaulusiti timagwira pa balapo, mapulateleti n'kukodwamo, magazi n'kusiya kutuluka. Ndi chinthu chabwino. Koma timaulusiti timapangidwa tatitali kwambiri, choncho thupi lili ndi lumo lake lotidula kuti tikhale tatifupi. Lumo limeneli madokotala amalitchula kuti ADAMTS13.

Munthu akadwala PTT, lumo lija lasiya kugwira ntchito. Nthawi zambiri chimachititsa ndi chitetezo cha m'thupi, chimene chimasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi lumo lake lomwe. Timaulusi tija timangokhala tatitali, n'kuyalika m'timitsempha ngati ukonde wotchera pa kamtsinje. Mapulateleti amakodwamo ngakhale palibe bala lililonse.

Pamenepo pamabuka mavuto atatu. Mapulateleti amathera mu maukonde aja, ndiye otsala m'magazi amachepa, ndipo munthu amayamba kutuluka magazi pansi pa khungu. Maselo ofiira akamadzipanikiza kudutsa pa ukondewo amang'ambika, ndiye magazi amachepa. Timitsempha totsekeka timamana mpweya ubongo, mtima ndi impso, ndiye munthu amasokonezeka mutu. Mwaona vuto lake? Magazi akuundana m'kati, koma panthawi yomweyo munthu akutuluka magazi.

Zizindikiro zimene mungaone ndi maso

Yang'anani khungu. Mudzaona timadontho tofiirira kapena takuda, tating'ono ngati njere za mawere, makamaka m'miyendo. Sitiyabwa, sititupa, ndipo mukatisindikiza ndi chala sitizimirira. Pa khungu lakuda timavuta kuona, choncho yang'anani m'kamwa, m'kati mwa milomo ndi m'kati mwa zikope. Nthawi zina pamakhala mabala aakulu akuda ngati munthu wamenyedwa, kapena magazi otuluka m'nkhama ndi m'mphuno.

Yang'ananinso zikhatho ndi maso. Zikhatho zimayera chifukwa magazi achepa. Maso amatha kuchita chikasu, ndipo mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka. Zimenezi zimachokera ku maselo ofiira amene asweka.

Kenako mvetserani mmene wodwala akulankhulira. Mwina akuiwala mayina a ana ake, mawu akutuluka mokhota, dzanja limodzi lafooka, sakuona bwino, kapena wakomoka. Chopusitsa n'chakuti zimenezi zimabwera n'kupita. M'mawa wasokonezeka, masana akucheza bwinobwino, achibale n'kumati wachira. Sanachire ayi. Kamtsempha kamodzi katseguka, kena katsekeka posachedwa.

Musadikire kuti zonse zionekere pamodzi. Odwala ambiri sakhala nazo zonse, ndipo ena satentha n'komwe thupi. Timadontho pa khungu pamodzi ndi kuyera kwa zikhatho n'zokwanira kuti munyamuke. Kusokonezeka mutu kukawonjezerapo, pitani nthawi yomweyo, ngakhale usiku.

Tiyerekeze mayi wina

Tiyerekeze mayi wa zaka 32, wolemera makilogalamu 60. Ali ndi HIV, ndipo anasiya kumwa ma ARV miyezi isanu yapitayo. Lolemba akumva kutopa ndi mutu. Lachitatu watentha thupi, ndipo ku chipatala chaching'ono amubaya chala koma malungo sanapezeke. Wabwerera kunyumba ndi palasetamolo. Lachinayi mng'ono wake waona timadontho m'miyendo ndi mkodzo wakuda. Usiku mayiyo wayamba kuitana mwana wake ndi dzina la munthu wina.

Mng'onoyo sanadikire. Anamutengera ku chipatala chachikulu, n'kuuza dokotala zinthu zinayi: malungo sanapezeke, pali timadontho, mkodzo wada, mutu wasokonezeka. Ananenanso zoona za ma ARV aja, osabisa.

Adokotala anatenga magazi. Pa pepala la zotsatira, mzere wolembedwa PLT umasonyeza mapulateleti. Munthu wabwino amakhala nawo kuyambira 150,000 mpaka 400,000 mu kadontho kakang'ono koyezera. Mayiyu anali nawo 12,000 basi. Odwala PTT ambiri amakhala nawo osakwana 30,000. Mzere wolembedwa Hb kapena HGB umasonyeza kuchuluka kwa magazi. Mayi wathanzi amakhala ndi 12 kapena kupitirira. Iyeyu anali ndi 7.

Manambala awiriwa paokha sanena kuti ndi PTT, pakuti malungo aakulu nawonso amatsitsa onse awiri. Chimene chimasiyanitsa ndi kupaka dontho la magazi pa kagalasi n'kuliyang'ana pa makina okuza zinthu. Pa malungo amaona tizilombo m'kati mwa maselo ofiira. Pa PTT amaona maselo oduka, ena ngati chipewa, ena a nsonga zitatu. Mwa mayiyu tizilombo munalibe, koma maselo oduka anali mbwee.

Kuyeza lumo la ADAMTS13 ndiko kumatsimikizira, mphamvu yake ikapezeka yosakwana 10 pa 100. Koma zipatala zoyeza zimenezi n'zochepa, ndipo zotsatira zimachedwa. Dokotala sadikira. Akaona mapulateleti otsika ndi maselo oduka popanda chifukwa china, amayamba chithandizo tsiku lomwelo.

Chithandizo chake

Mankhwala aakulu ndi pulazima wa anthu opereka magazi, chifukwa muli lumo logwira ntchito. Njira yabwino koposa ndi yosintha pulazima. Makina amatulutsa magazi a wodwala, n'kuchotsa pulazima wake pamodzi ndi zija zowononga lumo, n'kubweza maselo ake ndi pulazima watsopano. Kwa mayi wa makilogalamu 60 amasintha malita awiri ndi theka kapena kupitirira, tsiku lililonse. Amapitiriza mpaka mapulateleti atadutsa 150,000 kwa masiku awiri otsatizana.

Makina amenewa sapezeka paliponse. Kumene kulibe, amangothira pulazima m'mitsempha, pafupifupi mamililita 30 pa kilogalamu iliyonse patsiku. Kwa mayi wathuyu ndi mamililita 1,800, kapena kuti timatumba pafupifupi 7. Madokotala a ku South Africa anaona kuti odwala ambiri a PTT yobwera ndi HIV amachira ndi njira imeneyi akayambanso ma ARV. Kuipa kwake n'kwakuti madzi amatha kuchuluka m'thupi, wodwala n'kuyamba kubanika. Mukaona zimenezi pamene mukudwazika, itanani anamwino msanga.

Amaperekanso mankhwala otchedwa puledinisoloni kuti chitetezo chisiye kulimbana ndi lumo lija. Kawirikawiri ndi miligalamu imodzi pa kilogalamu iliyonse, ndiye mayiyu analandira mamiligalamu 60 patsiku. Ma ARV anawayambanso. Patapita masiku atatu anayamba kuzindikira anthu, ndipo patatha sabata ndi theka mapulateleti anali atafika pabwino.

Mwina mungafunse kuti, ngati mapulateleti achepa, bwanji osangomuwonjezera? Madokotala amapewa zimenezi pokhapokha ngati wodwala akutaya magazi moopsa. Maukonde aja akadalipo, ndipo mapulateleti atsopano akhoza kukodwamo n'kutseka mitsempha yambiri. Choncho musaganize kuti akumumana. Maselo ofiira okha amatha kumuwonjezera magazi akachepa kwambiri.

Zoti muchite ndi zoti musachite

Musamupatse asipilini, ibupulofeni kapena dikilofenaki, chifukwa amawonjezera kutaya magazi. Musalole kuti atemedwe mphini, pakuti magazi ake sasiya msanga kutuluka. Munthu wobwebweta si kuti walodzedwa kapena wagwidwa ndi mizimu: ubongo wake ukusowa mpweya, ndipo tsiku limene mungataye pofunafuna amene wamulodza ndi tsiku limene mitsempha ina ikutsekeka. Matendawa sapatsirana, ndiye musaope kumugwira, kumusambitsa kapena kudya naye.

Tengani makadi ake onse a kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa. Ngati ndi woyembekezera kapena wangobereka kumene, nenani pofika pomwepo, chifukwa mimba imatha kudzutsa matendawa, ndipo pali matenda ena a amayi apakati ofanana nawo. Ngati malungo anapezeka koma wodwala sakupeza bwino atamwa mankhwala, bwererani mukapemphe kuti ayang'anenso magazi. Itanani achibale athanzi kuti adzapereke magazi, poti wodwala mmodzi amafuna timatumba tambiri ta pulazima.

Akatuluka m'chipatala nkhani sinathe. PTT imatha kubwerera, makamaka m'mwezi woyamba, ndipo mwa ena ngakhale patapita zaka. Apite kukayezetsa magazi pa masiku onse amene amuuza. Puledinisoloni asasiye mwadzidzidzi, koma achepetse pang'onopang'ono monga adokotala anenera. Ma ARV asadumphe. Mayi amene anadwalapo PTT akambirane ndi dokotala asanatengenso mimba.

Mungathe kulemba nokha pa kapepala mawu awa: "Ndinadwalapo PTT." Lembaninso chaka chake ndi dzina la chipatala, n'kusunga kapepalako pamodzi ndi chitupa chanu. Tsiku limene mutu wasokonezeka moti simungathe kudzifotokozera, amene wakunyamulaniyo adzangokapereka kwa dokotala.