Kusiyanitsa mfundo yaikulu ndi mfundo zothandizira m'ndime

Ndime iliyonse yolembedwa bwino imakhala ndi chinthu chimodzi chimene mlembi akufuna kuti owerenga amve. Iyi ndiyo mfundo yaikulu. Zina zonse, monga zitsanzo, zifukwa, zaka ndi maina a malo, zimabwera kudzaichirikiza. Mafunso a kumvetsa nkhani, ngati amene amapezeka m'mayeso a MANEB, kawirikawiri amayesa ngati wophunzira angathe kulekanitsa ziwirizi.

Nayi ndime yachitsanzo:

"Nyanja ya Chilwa inakhudza maboma a Zomba, Phalombe ndi Machinga. Ndi yosaya, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi ake. Mvula ikachepa zaka zotsatizana, madzi amaphwera msanga ndi dzuwa. Mu 1968 ndi mu 1995 inaphwa, asodzi n'kusowa pogwira. Kukhalapo kwa nyanjayi kumadalira kwambiri mvula."

Funso likati, "Kodi mfundo yaikulu ya ndimeyi ndi iti?" ophunzira ambiri amathamangira chiganizo choyamba, poti anauzidwa kuti mfundo yaikulu imakhala koyambirira. Nthawi zambiri zimaterodi, koma pano ayi. Chiganizo chonena za maboma chikungouza owerenga komwe nyanjayo ili, ndipo palibe chiganizo china chimene chikuonjezerapo za mabomawo. Ena amakopeka ndi zaka, chifukwa manambala sachedwa kukhala m'mutu. Komatu 1968 ndi 1995 ndi umboni chabe.

Njira yodalirika ndi kuyesa ziganizo chimodzichimodzi pofunsa kuti, kodi zinzakezi zikugwirira ntchito chimenechi? Pa chiganizo chomaliza yankho ndi inde. Kusaya kwa nyanja ndi chifukwa chimene imadalirira mvula, kuphwera kwa madzi kukuonetsa mmene zimachitikira, ndipo zaka ziwirizo zikutsimikiza kuti zinachitikadi. Kuyesa kwina ndi kufufuta. Zaka zija zitachotsedwa, ndimeyo ikadanenabe zomwezo. Chiganizo chomaliza chitachoka, wowerenga akadatsala ndi mfundo zomwazikana, n'kumadzifunira yekha chozimanga pamodzi.

Mawu ena amathandizanso. "Mwachitsanzo", "monga" ndi "chifukwa" kawirikawiri amatsogolera mfundo yothandizira, pamene "choncho" ndi "motero" amakonda kulozera ku yaikulu. Awa ndi ongounikira, sali lamulo.

Cholakwika china n'kuyankha motambalala kwambiri. Wolemba kuti "ndimeyi ikukamba za nyanja ya Chilwa" watchula mutu wokha, sananene chimene mlembi akunena pa mutuwo. "Kusintha kwa nyengo kukuononga nyanja za m'Malawi" nakonso n'kolakwika, ngakhale kukumveka kwanzeru, chifukwa ndimeyo sinanene zimenezo.

Pali ndime zina zimene sizilemba mfundo yaikulu poyera. Zikatero wophunzira amaipanga yekha m'chiganizo chimodzi, kenako n'kubwerera m'ndimemo kuona ngati chiganizo chilichonse chikulowamo, komanso ngati sanaonjezere za m'mutu mwake.