Kompyuta imodzi, ana 90: muipatse ntchito yochita maere

Aphunzitsi anzanga amandifunsa kuti ndi masewera ati amene ana 90 angasewere pa laputopu imodzi. Ine ndimayankha kuti palibe. Mukawaika pamzere kuti aliyense aigwireko, phunziro la mphindi 40 limpatsa mwana aliyense masekondi osakwana 30, ena 89 akuchita phokoso. Masewerawo azichitikira pamadesiki, kompyuta ingokhala yoponya mafunso ndi kuchita maere.

Nawa masewera amene ndimawakonda pophunzitsa kuphatikiza manambala a negativu ku Fomu 1. Safuna intaneti kapena pulojekita, ndipo magetsi akazima batire ya laputopu imakwanira. Tsekulani Excel mulembe izi m'timabokosi tinayi:

```
A1: =RANDBETWEEN(-9,9)
B1: =RANDBETWEEN(-9,9)
A2: =RANDBETWEEN(1,6)
B2: =A1+B1
```

Mzere wapamwamba ndi funso. Wapansiwo, A2 ikusankha woyankha, B2 ikusunga yankho. Mukadina F9 zonse zimasinthira pamodzi, n'chifukwa chake mzere wapansi muuphimbe ndi chidutswa cha katoni musanadine. Ikakana fomula, yesani `;` m'malo mwa `,` popeza makompyuta ena anatcheredwa choncho. Manambalawo akuzeni mpaka adzaze sikirini, ndipo musanayambe pitani nokha kumzere womaliza mukaone ngati akuwerengeka. Ngati sakuwerengeka, mwana mmodzi azikopera funso pabolodi.

Anawo agaweni m'magulu 15 a ana asanu ndi mmodzi, osasuntha madesiki: desiki yakutsogolo ingotembenukira yakumbuyo. M'gulu lililonse awerengane 1 mpaka 6, ndipo gulu lilandire sileti imodzi ndi choko. Kagawidweka kamadya mphindi zisanu tsiku loyamba.

Tinene kuti patuluka -7 ndi 4. Magulu akambirana kwa mphindi imodzi, sileti ili pansi, palibe wolemba. Nthawi ikatha mukuti, “Pakamwa tseke!” kenako mukukoka katoni pang'ono kuti A2 yokha ioneke. Patuluka 5. Anambala 5 onse 15 alemba yankho popanda wowanong'oneza, n'kukweza masileti nthawi imodzi mukawomba m'manja. Mukatero mukuvundukula B2: yankho ndi -3.

Mphamvu ya masewerawa ili pa kuchedwa kuvundukula kuja. Woyankha akadziwika msanga, ena asanu amakhala phee, kapena kumuuza yankho osamufotokozera. Akakhala wosadziwika, mwana wochenjera amakakamizika kuphunzitsa anzake, chifukwa malikisi a gulu lake akhoza kukhala m'manja mwa amene samva msanga. Ndipo poti wasankha ndi makina, palibe angati aphunzitsi akukondera kapena akulimbana naye.

Musathamangire kulemba malikisi. Yang'anani kaye masileti olakwa, chifukwa akukuuzani chimene sichinamveke. Amene alemba -11 aphatikiza 7 ndi 4 n'kungomata chizindikiro kutsogolo. Amene alemba 3 achotsera bwino koma ataya chizindikirocho. Masileti a -11 akafika anayi kapena asanu, ine ndimaimitsa masewera, ndijambule mzere wa manambala pabolodi, mwana mmodzi aime pa -7 ndi chala n'kuyenda masitepe anayi kumanja. Mayeso akanandiuza zomwezi patapita sabata, nditachonga makope 90.

Malikisi alembeni pabolodi, osati m'kompyutamo. Excel imachitanso maere nthawi iliyonse mukalemba kanthu m'kabokosi kalikonse, ndiye funso lingasinthe ana asanaone yankho lake, mkangano n'kubuka.

Pali dandaulo limene mudzalimva ndithu: “Aphunzitsi, nambala yathu siinatuluke!” Funso lililonse limatenga mphindi ziwiri ndi theka, choncho m'mphindi 30 mufunsa mafunso 12. Pa maere 12 otere, mwayi woti nambala 2, mwachitsanzo, isatuluke n'komwe ndi pafupifupi umodzi mwa isanu ndi inayi, ndipo m'masewera oposa theka pamakhala nambala ina yotsalira. Makinawo sanawonongeke. Ena amakonza pochotsa nambala imene yatuluka kale, koma ine sindigwirizana nazo, chifukwa mwana akadziwa kuti wathana nazo amasiya kumvetsera. Bola mafunso awiri omaliza musankhe nokha manambala otsalirawo.

Wodina F9 azisinthidwa funso lililonse, atsikana ndi anyamata mosinthana, apo ayi anyamata a kutsogolo laputopuyo adzaiyesa yawo.

Masewerawa ali ndi malire ake. Amayenera mafunso amene yankho lake ndi lalifupi, lowerengeka muli pabolodi, monga matebulo a kuchulukitsa ku pulayimale: sinthani malire a A1 ndi B1 akhale 2 ndi 12, ndipo B2 ikhale `=A1*B1`. Funso lofuna njira yaitali, kapena kufotokoza chifukwa chake, silikwana pasileti, ndipo limenelo liyenera kupita m'kope.