Mafuta a shiya ndi a kokonati sayanja nkhope iliyonse

Kumpoto kwa Ghana, ku Burkina Faso ndi ku Mali kuli mtengo wa shiya, womera wokha m'tchire, umene umatenga zaka 15 kapena kuposerapo usanayambe kubala. Amayi amatola zipatso zake, n'kuwiritsa njere, kuziyanika, kuzisinja, kuzikazinga ndi kuzipera. Akatero amakanda phalalo ndi manja pothira madzi mpaka mafuta atayandama. Mafutawo, amene kwawoko amaphikiranso ndiwo, ndi omwe masiku ano akupezeka m'timabotolo m'masitolo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, pambali pa a kokonati, ndipo ogulitsa amati amawalitsa nkhope ya aliyense. Kuwalitsa amawalitsadi, koma osati ya aliyense.

Mafuta sathira madzi pakhungu. Ntchito yake n'kutsekera madzi amene ali kale m'khungumo kuti asauluke msanga, ndiponso kusalaza timamba touma tomwe timachititsa nkhope kutuwa m'miyezi ya Juni ndi Julayi. N'chifukwa chake munthu akadzola nkhope ili gwa amangonyezimira pamwamba khungu likadali louma. Nthawi yabwino ndi pamene wangosamba kumene, nkhope ikadali yachinyezi. Muyezo wake ndi wochepa zedi: madontho awiri kapena atatu, kapena kachidutswa ka shiya kochepera njere ya chimanga, kosungunulira m'manja.

Shiya amayanja kwambiri khungu louma, lothetheka kapena la munthu wachikulire, chifukwa ndi wolemera ndipo sauluka. Wosayengedwa amakhala wotuwira kapena wachikasu pang'ono, wa kafungo ka utsi. Akayamba kununkha ngati mtedza wovunda, waonongeka, ndi wofunika kutaya.

A kokonati ndiwo amanyenga anthu ambiri. Amasungunuka kukangofunda kupitirira madigiri 24, choncho m'manja amaoneka opepuka. Pathupi ndi abwinodi. Kafukufuku wa ku Philippines wofalitsidwa mu 2014 anapeza kuti ana 117 a nthenda ya khungu louma ndi loyabwa, imene madokotala amati ekizima, ambiri anapezako bwino pa milungu 8, koma odzola kokonati anaposa odzola mafuta a m'gulu la petulo. Vuto lili kunkhope, kumene timabowo totulutsa mafuta a thupi tachuluka. Kokonati ali m'gulu la mafuta odziwika kuti amatseka timabowoto.

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 19 amene nkhope yake imachita mafuta ikamakwana 12 koloko masana. Wayamba kudzola kokonati usiku uliwonse. Mlungu woyamba akuoneka bwino ndipo anzake akumuyamikira. Pakatha milungu ingapo, pachipumi ndi m'masaya payamba timatotomole tosawawa, tomveka ngati mchenga akasisita ndi chala. Tina tikupsa n'kukhala ziphuphu. Popeza vutolo lachedwa kubwera, iye sakuganizira n'komwe za mafutawo. Akuonjezera kudzola poganiza kuti achira, ndipo akufinya. Pakhungu lakuda, chiphuphu chotupa kawirikawiri chimasiya banga limene limatha miyezi, nthawi zina kupitirira chaka. Apa ndi pamene atsikana ambiri amagwera m'manja mwa ogulitsa mafuta oyeretsa khungu, amene ena mwa iwo amakhala ndi mekyule kapena mankhwala amphamvu opyapyalitsa khungu. N'zomvetsa chisoni, chifukwa chimene mtsikanayu anafunika kuchita n'kusiya kokonati, kusamba kawiri patsiku ndi sopo wosalusa, kuleka kufinya, n'kudikira mwezi umodzi kapena iwiri. Ziphuphu zikakhala zazikulu, zowawa, kapena zikapitirira, ndi nkhani ya kuchipatala.

Chizindikiro china chili pamalire a tsitsi. Ziphuphu zikandandalika pachipumi ndi m'mbali mwa makutu pokha, kawirikawiri gwero lake ndi mafuta a m'mutu amene amatsetsereka ndi thukuta kapena kutsalira papilo. Madokotala a ku America analemba za vutoli mu 1970 ataliona mwa amuna akuda odzola mafuta olemera m'tsitsi.

Gulu lachiwiri loyenera kusamala ndi la anthu a mfundu, makamaka amene khungu limasupuka m'mbali mwa mphuno, m'nsidze ndi kuseri kwa makutu. Munthu amaona ngati pauma, n'kuthirapo mafuta. Komatu vutoli limakhudzana ndi kafangasi kotchedwa Malassezia, kamene kamakhala pakhungu la aliyense ndipo chakudya chake ndi mafuta. Kudzola olivi kapena mafuta ena a zomera pamalo otere kuli ngati kuthira manyowa pa udzu umene ukufuna kuupha. Pamafunika mankhwala opha fangasi, amene a kuchipatala kapena a kufamase angathe kupereka.

Kusiyana kwa mafuta kunaoneka bwino pa kafukufuku wa ku Sheffield, ku Britain, wofalitsidwa mu 2013. Akuluakulu 19 anadzola madontho 6 pamkono kawiri patsiku kwa milungu inayi kapena kuposerapo pang'ono. Mafuta a olivi anafooketsa chikopa chapamwamba cha khungu n'kulifiiritsa, pamene a mpendadzuwa sanatero, ndipo anathandiza khungu kusunga chinyezi. Chifukwa chake chili m'kapangidwe: olivi ali ndi asidi wa oleyiki wochuluka, amene amamasula mafuta omanga chikopacho, pamene mpendadzuwa uli ndi asidi wa linoleyiki, amene khungu limagwiritsa ntchito pomanga. Ku Bangladesh, ana obadwa masiku asanakwane amene ankapakidwa mafuta a mpendadzuwa m'chipatala ankatenga matenda mocheperapo kusiyana ndi anzawo. Mayi wa mwana wa ekizima asiyane ndi olivi ngakhale ali wokwera mtengo. Asiyanenso ndi mafuta a mtedza pakhungu lothetheka la khanda: kafukufuku wa ku Britain wa mu 2003 anapeza kuti ana amene matupi awo anayamba kudana ndi mtedza, ambiri anali atapakidwapo zodzola zokhala ndi mafuta ake.

Kuno kwathu kudzola mafuta a zomera si kwachilendo. Agogo ankatcheza a nsatsi, ndipo lero ena akufinya a malambe ndi a mfula. A nsatsi ndi onanda kwambiri, oyenera zidendene ndi zigongono kusiyana ndi nkhope yamafuta.

Pali gulu lina loopsa kuposa onsewa: mafuta onunkhira ogulitsidwa m'timabotolo ting'onoting'ono, monga a mandimu, a bulugamu ndi a sinamoni. Amenewa ndi amphamvu moti amatha kuotcha khungu akapakidwa osasungunula. A makoko a mandimu ndi zipatso za mtundu wake amathanso kuchititsa matuza munthu akayenda padzuwa, n'kusiya mabanga akuda. Ndipo palibe mafuta achilengedwe, kaya shiya kaya kokonati, amene amateteza mokwanira ku dzuwa. Anthu achialubino makamaka asalole kuuzidwa kuti angalowe m'malo mwa mafuta oteteza ku dzuwa.

Asanadzole kunkhope mafuta alionse atsopano, munthu apake pang'ono m'kati mwa mkono, pafupi ndi chigongono, kawiri patsiku kwa masiku 7 mpaka 10. Pakayabwa, kutupa kapena kutuluka nsungu, asambepo n'kuwasiya. Kuyesa kumeneku kumaonetsa ngati thupi likudana ndi mafutawo, koma sikuonetsa ngati angatseke timabowo, poti mkono suchita ziphuphu. Wa nkhope yamafuta amene akufunabe kuyesa apake tsaya limodzi lokha kwa mwezi wathunthu, osaonjezera chodzola china chatsopano, kenako ayerekeze ndi tsaya linalo.